Kalata yokana ntchito kapena yopempha kuonjezera malipiro: chitsanzo cha m'maesiteti a tiyi ku Thyolo

Makampani olima tiyi m'boma la Thyolo, monga Satemwa, Conforzi, Makandi ndi Eastern Produce, amalemba anthu ntchito m'magulu awiri. Malipiro a othyola masamba ndi ena a m'munsi amakambidwa pamodzi pakati pa bungwe la eni maesiteti la Tea Association of Malawi ndi la ogwira ntchito la Plantation and Agriculture Workers Union, omwe adasainirana mgwirizano woyamba wotere mu 2016. Koma kalaliki wamkulu, woyang'anira fakitale kapena wothandizira manijala wa kumunda kawirikawiri amalandira kalata yakeyake yomupatsa ntchito, ndipo yankho lake liyenera kukhala lolemba.

Masiku ano nkhani zoterezi zimayambira pa WhatsApp, pomwe munthu amalemba mwachangu zomwe zili kumtima. Uthenga wotere umakhala ndi mfundo zoona, koma sungalowe m'faelo ya kampani. Kuusandutsa kalata ndiko kusunga mfundozo ndi kuchotsa mkwiyo, nthabwala ndi kuopseza.

Kuwerengera kaye

Tiyerekeze kuti munthu yemwe akugwira ntchito ku Limbe, komwe amalandira K350,000 pamwezi, wapatsidwa ntchito yoyang'anira chigawo cha fakitale pa esiteti ina ku Thyolo pa K300,000, kuphatikizapo nyumba ya kampani. Uthenga womwe wakonzekera kutumiza ndi uwu: "Bwana, kandalama kameneka kachepa. Kuno ndikudya kale 350, ndiye ndibwerere m'mbuyo? Onjezerani, apo ayi ndiiwaleni."

Cholakwa choyamba chili m'masamu. Ngati ku Limbe amalipira lendi ya K70,000, amatsala ndi K280,000. Choncho ntchito ya ku Thyolo sikumuchepetsera K50,000 monga akuganizira, koma ikumuonjezera pafupifupi K20,000, msonkho usanawerengedwe. Mkulu woona za olembedwa ntchito pa esiteti amadziwa bwino mtengo wa nyumbayo, ndipo dandaulo loiwala nyumba limagwa msanga.

Ndi bwinonso kufunsa ngati chiwerengero chotchulidwacho ndi cha ndalama zisanadulidwe. Pamalipiro pamachoka msonkho wopita ku bungwe la MRA komanso K5 pa K100 iliyonse ya penshoni, pomwe kampani imaikapo K10 pa K100 iliyonse. Anthu awiri angathe kugwirizana chiwerengero chimodzi pafoni koma aliyense akutanthauza zake.

Kalata yopempha kuonjezera

Mfundo zoyenera kutsala mu uthenga uja ndi zitatu: munthuyo akuifuna ntchito, ali ndi chiwerengero chomwe akupempha, ndipo ali ndi chifukwa. Chifukwa champhamvu chimachokera pa ntchito, osati pa mavuto a pakhomo. Pambuyo pa keyala ndi tsiku, kalata ingakhale motere:

"Okondedwa Bwana,

YANKHO LA KALATA YONDIPATSA NTCHITO YOYANG'ANIRA CHIGAWO CHA FAKITALE

Ndikuthokoza kwambiri chifukwa cha kalata yanu yondipatsa ntchito imeneyi. Ndine wokondwa kuti mwandikhulupirira, ndipo ndikufunitsitsa kudzagwira nanu ntchito.

Ndisanasaine, ndikupempha kuti muonenso malipiro a K300,000 omwe mwatchula. Ndayamikira nyumba yomwe mwandipatsa ndipo ndaiwerengera. Komabe, poona kuti ndagwira ntchito ya m'fakitale zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo udindowu ukuphatikizapo kuyang'anira ogwira ntchito usiku m'nyengo ya masamba ambiri, ndikupempha K340,000 pamwezi ndalama zisanadulidwe.

Ngati zimenezi sizingatheke pakadali pano, ndingakondwe mutalemba m'mgwirizano kuti malipiro adzaunikidwanso ikadzatha nthawi yondiyesa. Ndine wokonzeka kubwera kudzakambirana nanu tsiku lililonse lomwe mungasankhe sabata ino.

Ine wanu wokhulupirika,"

M'kalatayi mawu oti "kandalama" asanduka chiwerengero chenicheni, ndipo "ndiiwaleni" wasanduka njira yachiwiri. Kutchula nyengo ya masamba ambiri n'kofunika, chifukwa mvula ikayamba, makamaka kuyambira Disembala mpaka Epulo, masamba othyoledwa sangadikire ndipo fakitale imagwira ntchito mpaka usiku. Wolemba akuonetsa kuti akudziwa kulemera kwa udindowo.

Njira yachiwiri ija ili ndi maziko m'malamulo. Lamulo la zantchito la 2000 limalola nthawi yoyesedwa yosapitirira miyezi 12 kwa munthu waluso, ndipo limalamula olemba ntchito kupereka chikalata chofotokoza malipiro, maola ndi tchuthi pasanathe mwezi umodzi munthu atayamba. Lonjezo la pakamwa loti "tidzaona m'tsogolo" limavuta kulitsata manijala akasamutsidwa, pomwe lolembedwa limatsala m'faelo.

Kalata yokana

Ngati kampani yayankha kuti singapitirire K300,000 ndipo munthuyo wasankha kukhalabe ku Limbe, uthenga wake wapafoni ungakhale woti: "Pepani bwana, zimenezo ine ayi, pezani wina." Ena sayankha n'komwe, amangozimitsa foni. Kutero n'koipa koposa, chifukwa maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje ndi ochepa, mamanijala ake amadziwana, ndipo yemwe wakhumudwitsidwa lero angapezeke pagulu lofunsa mafunso pa esiteti ina mawa. Akale adati mlandu suola. Pakatikati pa kalata yokana pangakhale motere:

"Ndikuthokoza chifukwa cha ntchito yomwe munandipatsa komanso nthawi yomwe munapatula pokambirana nane za malipiro. Nditalingalira mofatsa, ndaganiza zosalandira ntchitoyi ndipo ndipitiriza komwe ndili. Ndakudziwitsani msanga kuti mukhale ndi mpata wopeza munthu wina nyengo ya masamba isanafike. Ndasangalala ndi momwe munandilandirira, ndipo ndikuyembekeza kuti m'tsogolo muno mwayi wogwira nanu ntchito udzapezekanso."

Chiganizo chokana chiyenera kumveka kamodzi, mosabisa. Ulemu wopitirira muyeso, monga kulemba kuti "mwina zikhoza kuvuta pang'ono", umachititsa kampani kuganiza kuti zokambirana zikadalipo, n'kumasunga nyumba ndi malo pachabe. Chifukwa chimodzi chachifupi n'chokwanira. Kalata yokana si malo odzudzulira malipiro a kampani.

Zolakwa zofala

Cholakwa chachikulu ndi kusakaniza makalata awiriwa. Yemwe walemba kuti wakana pofuna kuopseza kuti amuonjezere angapeze kuti malowo apatsidwa kale kwa wachiwiri pamndandanda. China ndi kunama za malipiro apano, pomwe kampani ingathe kupempha chikalata cha malipiro. Chachitatu ndi kusiya ntchito yakale mgwirizano watsopano usanasainidwe. Wolipidwa pamwezi amayenera kuchenjeza abwana ake mwezi umodzi asanachoke, choncho tsiku loyambira ntchito liyenera kukambidwa pamodzi ndi malipiro.

Maofesi ambiri a m'maesiteti amalemberana m'Chingelezi, koma dongosolo la kalata silisintha: kuthokoza, pempho kapena chisankho, chifukwa chimodzi, kenaka mawu otsiriza aulemu. Kalata ifike tsiku lomaliza loyankhira lisanakwane, ndipo wolemba asunge ina yofanana nayo. Njira yosavuta yoiyesera ndiyo kudzifunsa ngati ingawerengedwe mokweza pamaso pa manijala wamkulu wolembayo osachita manyazi. Ngati pali chiganizo chomwe chingamuweramitse mutu, chimenecho chikadali cha pafoni ndipo chichotsedwe.