Mbiri ya Kuchulukitsa Kopanda Mathero ndi Logarizimu Yoweruza Mlandu Wake

M'chaka cha 1593 François Viète, loya wa ku France amene anali kusewera ndi masamu pa nthawi yake yopuma, anafalitsa chinthu chimene sichinalembedwepo kale: mndandanda wa nambala zoti zichulukitsidwe ina ndi inzake kopanda kulekeza, umene zotsatira zake ndi 2/π. Anaupeza pojambula m'kati mwa chozungulira chinthu cha mbali zinayi, kenaka zisanu ndi zitatu, kenaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, nawirikiza mbalizo mosaleka. Ndipo popeza chithunzicho chinali kuonetsa poyera kumene ulendowo unali kulowera, sanadzivute ndi funso lakuti kuchulukitsa kosatha kungathe bwanji kubala nambala imodzi yokhazikika.

John Wallis wa ku Oxford, m'buku lake la Arithmetica Infinitorum la 1656, anapeza mndandanda wina wooneka bwino koposa: π/2 = (4/3)(16/15)(36/35)(64/63)… Tikachulukitsa ziwalo zake chimodzichimodzi tipeza 1.333, kenaka 1.422, kenaka 1.463, ndipo nambalayo imka ikwera mwaulesi kulinga ku 1.5708. Chiwalo chilichonse chiposa 1, chotero chilichonse chikuza zimene zinalipo. Nanga chiletsa nchiyani kuti zisakule kufikira kupitirira muyeso uliwonse? Wina angayankhe kuti ziwalozo zimka ziyandikira 1, koma yankho limeneli silikwanira, pakuti mu (2/1)(3/2)(4/3)(5/4)… ziwalo ziyandikiranso 1, komabe nambala ya pamwamba ifafanizana ndi ya pansi yotsatira, ndipo tikafika pa chiwalo cha N tatsala ndi N + 1, imene ikula mosalekeza. Kuyandikira 1 nkofunika, koma mlandu wagona pa liwiro la kuyandikirako.

Chida choyezera liwirolo chinali chitabadwa kale, ngakhale kuti anachisulira ntchito ina. John Napier wa ku Scotland anafalitsa malogarizimu mu 1614 kuti apeputse thukuta la owerengera, pakuti logarizimu isandutsa kuchulukitsa kukhala kuphatikiza: log(xy) = log x + log y. Pambuyo pake, mu 1668, Nicholas Mercator anafalitsa mndandanda wakuti log(1 + a) = a − a²/2 + a³/3 − …, umene utiuza kuti a ikakhala yaing'ono, logarizimu ya 1 + a isiyana ndi a mwini wake pang'ono pokha, ndipo kusiyanako kuli pafupi ndi a²/2. Leonhard Euler ndiye anagwira chida chimenechi molimba mtima kuposa onse. Mu 1737 anasonyeza kuti kuchulukitsa p/(p − 1) pa nambala zonse zosagawika, monga 2, 3, 5 ndi 7, kulingana ndi 1 + 1/2 + 1/3 + …, kumene kulibe malire. Ndipo potenga logarizimu anafika pa mfundo yakuti 1/2 + 1/3 + 1/5 + 1/7 + … nakonso kulibe malire. Mayankho ake anali oona, koma anali kuwoloka pakati pa kuchulukitsa ndi kuphatikiza osafotokoza nthawi imene kuwolokako kuloledwa.

Lamulo lake linayalidwa ndi Augustin-Louis Cauchy wa ku Paris m'buku lake la Cours d'analyse la 1821, ndipo monga tiliphunzirira lero liyenda motere. Tilembe chiwalo chilichonse monga 1 + aₙ, zonse zoposa ziro, ndipo zotsatira za kuchulukitsa ziwalo N zoyamba tizitche P. Pamenepo log P ndiyo kuphatikiza kwa malogarizimu N oyamba. Ndipo popeza logarizimu ndi chobweza chake sizidumpha, koma kusintha kwakung'ono kubala kusintha kwakung'ono, kuphatikizako kukakhazikika pa nambala S, kuchulukitsa kukhazikika pa e^S, ndipo kuchulukitsa kukakhazikika pa nambala yoposa ziro, kuphatikizako kukhazikika pa logarizimu yake. Apa mpamene tiona chifukwa chake akatswiri sawerengera ziro monga pokhazikika. Mu (1/2)(2/3)(3/4)… zotsatira ndi 1/(N + 1), zimene zitsikira ku ziro, koma malogarizimu ake aphatikizana kukhala −log(N + 1), imene imira pansi kopanda polekezera. Chotero kutsikira ku ziro ndiko kukula kosalekeza kumene kwangotembenuzidwa.

Ma aₙ onse akakhala a chizindikiro chimodzi, mlandu uphweka, pakuti log(1 + a) ikhala pakati pa theka la a ndi a wowirikiza kawiri pamene a yachepa mokwanira, ndipo tingoyang'ana kuphatikiza kwa ma aₙ eni ake. Ziwalo za Wallis ndi 1 + 1/(4n² − 1), ndipo 1/3 + 1/15 + 1/35 + … ikhazikika pa 1/2. Popeza log(1 + a) sipambana a, zotsatira sizingapitirire e^(1/2), ndiyo 1.649, ndipo 1.5708 ilidi pansi pake.

Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo lamulo losavutali lagwetsa ophunzira ambiri pamene zizindikiro zisinthana. Taonani aₙ = (−1)ⁿ/√n, kuyambira n = 2. Kuphatikiza kwa ma aₙ amenewa kukhazikika, pakuti asinthana zizindikiro namka achepa kulinga ku ziro, ndipo munthu wopupuluma adzagamula kuti kuchulukitsa nakonso kukhazikika. Tiyeni titenge ziwalo ziwiriziwiri. Pa 4 ndi 5 tipeza 1.5 kuchulukitsa ndi 0.553, ndiyo 0.829, pa 100 ndi 101 tipeza 1.1 kuchulukitsa ndi 0.9005, ndiyo 0.9905. Ziwiri zilizonse ziperewera pa 1 ndi pafupifupi 1/n, ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo: kuperewerako kuunjikana kufikira zonse zitsikira ku ziro. Mndandanda wa Mercator uulula wolakwa, ndiye chiwalo chachiwiri, −a²/2, chimene sichisintha chizindikiro ngakhale a asinthe. Pano chili −1/(2n), ndipo kuphatikiza kwake kulibe malire. Nchifukwa chake lamulo lokwanira litero: ma aₙ akakhazikika pophatikizidwa, tiyesenso ma aₙ², nawo akakhazikika, kuchulukitsa kukhazikika, koma akapanda kutero, kutsikira ku ziro. Tikaika 1/n m'malo mwa 1/√n, ma aₙ² akhala 1/n², ndipo vutolo lichoka.

Karl Weierstrass wa ku Berlin, mu 1876, anatenga nzeru yomweyi namangira nayo. Anafuna kupanga fankishoni yokhala ziro pa malo amene iye wasankha, tinene 1, 2, 3 ndi kumka mtsogolo, koma kuchulukitsa (1 − z/n) sikukhazikika, pakuti logarizimu yake iyamba ndi −z/n. Pamenepo anachulukitsa chiwalo chilichonse ndi e^(z/n), imene sikhala ziro paliponse, koma ifafaniza chiwalo choyamba cha logarizimu, nisiya −z²/(2n²) ndi zina zochepa kuposa pamenepo, zimene kuphatikiza kwake kukhazikika; ndipo pamene malowo ali othithikana koposa, afafaniza ziwalo ziwiri, zitatu, kapena zochuluka monga kufunikira. Chotero logarizimu, imene kwa Cauchy inali kuweruza ngati kuchulukitsa kukhazikika, kwa Weierstrass inakhala yosonyeza chimene chiyenera kuchotsedwa kuti kukhazikike. Ndipo ngakhale mndandanda wa Viète, umene unayambitsa zonsezi, unalandira umboni wake wokwanira mu 1891, wolembedwa ndi Ferdinand Rudio wa ku Zürich, patapita zaka pafupifupi mazana atatu.