Kuzindikira khodi ya QR ndi bakhodi pa chithunzi

Bakhodi ndi khodi ya QR ndi zizindikiro zosindikizidwa zimene zimasunga manambala kapena mawu m'njira yoti makina aziwerenge mwachangu. Bakhodi wamba imakhala mizere yakuda yoimirira, ina yonenepa ina yopyapyala, pomwe khodi ya QR imakhala bokosi la mbali zinayi zofanana lodzaza ndi timabokosi takuda ndi toyera. Munthu akalandira chithunzi cha chimodzi mwa zimenezi angathe kudziwa ndi maso okha kuti ndi cha mtundu wanji, chimagwiritsidwa ntchito kuti, ndiponso kuti chingasunge uthenga wautali bwanji. Koma uthenga weniweniwo, maka mu khodi ya QR, sudziwika kufikira foni kapena makina atauwerenga, zimene anthu amati kupanga sikani.

Bakhodi ya mizere

Bakhodi yodziwika kwambiri ndi ija ya pa katundu wa m'sitolo, monga sopo, mafuta ophikira ndi mabisiketi. Inayamba kugwira ntchito pa 26 Juni 1974, pamene paketi ya chingamu ya Wrigley inawerengedwa pa makina m'sitolo ya Marsh mumzinda wa Troy, ku Ohio, m'dziko la Amereka. Mtundu umenewo ndi UPC-A, ndipo uli ndi manambala 12. Maiko ambiri amagwiritsa ntchito mbale wake, EAN-13, wa manambala 13.

Pa chithunzi, EAN-13 imadziwika ndi zinthu ziwiri. Choyamba, kumayambiriro, pakati ndi kumapeto kuli mizere iwiriiwiri yopyapyala imene imatsika pansi kuposa inzake. Chachiwiri, manambala a m'munsi amagawidwa motere: imodzi imakhala payokha kumanzere, kenako magulu awiri a manambala asanu ndi imodzi. Mu UPC-A, nambala imodzi imakhala payokha kumanzere, ina payokha kumanja, ndipo pakati pali magulu awiri a manambala asanu. Bakhodi yaitali yopanda mizere yotsika pansi, yokhala ndi zilembo ndi manambala m'munsi mwake, monga ya pa phukusi lotumizidwa, kawirikawiri imakhala Code 128 kapena Code 39. Ya pa katoni yaikulu, yozunguliridwa ndi mzere wakuda wonenepa, ndi ITF-14.

Ubwino wa bakhodi ya m'sitolo ndi woti manambala olembedwa pansi ndi omwewo amene ali m'mizere. Ndiye chifukwa chake makina akakana kuwerenga, wogulitsa amangolemba manambalawo ndi manja. Choncho ngati chithunzi chikuonetsa bwino manambala, uthenga wonse wa bakhodiyo wadziwika kale.

Chitsanzo: kuwerenga manambala 13

Titenge nambala yongopeka iyi: 6001234567899. Manambala oyambirira amasonyeza nthambi ya bungwe la GS1 imene inapereka nambalayo kwa kampani. Manambala 600 ndi 601 ndi a nthambi ya ku South Africa, 616 ndi ya ku Kenya, 890 ndi ya ku India, pomwe 690 mpaka 699 ndi ya ku China. Ikayamba ndi 978 kapena 979, si dziko ayi: nthawi zambiri limakhala buku, ndipo nambalayo ndi ISBN yake.

Nambala yomaliza ndi yotsimikizira kuti zinazo sizinalakwike, ndipo aliyense angaiyese ndi pensulo. Pa manambala 12 oyambirira, phatikizani a pa malo oyamba, achitatu, achisanu mpaka achi 11. Kenako phatikizani otsalawo, n'kuchulukitsa katatu.

```
6+0+2+4+6+8 = 26
(0+1+3+5+7+9) x 3 = 75
26 + 75 = 101
110 - 101 = 9
```

Kuchokera pa 101 kukafika pa khumi lotsatira, lomwe ndi 110, pakusowa 9, ndipo nambala yomaliza ndi 9 ndithu. Zikanasiyana, tikanadziwa kuti nambala ina yawerengedwa molakwika pa chithunzi kapena bakhodiyo inapangidwa molakwika.

Apa ndi pomwe manambalawo amalekezera. Sanena dziko limene katunduyo anapangidwira, chifukwa kampani yolembetsa ku South Africa ikhoza kupangitsa katundu wake ku China n'kuikapo 600 yomweyo. Mtengo mulibemo, dzina la katundu mulibemo, tsiku lotha mphamvu mulibemonso. Mtengo ndi dzina zimakhala mu kompyuta ya sitolo, n'chifukwa chake botolo lomwelo limagulitsidwa mitengo yosiyana m'masitolo awiri. Bakhodiyi siitsimikizanso kuti katundu ndi weniweni, pakuti wopanga zachinyengo amangokopera ya pa katundu weniweni.

Kudziwa khodi ya QR

Khodi ya QR inapangidwa mu 1994 ku Japan ndi gulu lotsogozedwa ndi Masahiro Hara pa kampani ya Denso, lomwe pambuyo pake linakhala Denso Wave. Cholinga chinali kulondola zipangizo za galimoto m'fakitale. Chizindikiro chake chachikulu ndi mabokosi atatu aakulu a m'makona: awiri pamwamba, limodzi pansi kumanzere. Lililonse ndi bokosi lakuda m'kati mwa mphete yoyera, yomwe nayo ili m'kati mwa mphete yakuda. Mabokosiwa ndi amene amauza kamera pomwe khodi ili ndi mmene yatembenukira, motero imawerengeka ngakhale itajambulidwa chozondoka. Makhodi okulirapo amakhalanso ndi kabokosi kakang'ono kofanana nawo chakufupi ndi kona yachinayi.

Si bokosi lililonse la timadontho lomwe ndi QR. Ngati mabokosi a m'makona mulibe, koma mbali ziwiri zili ndi mzere wakuda wosadukiza wooneka ngati chilembo L, imeneyo ndi Data Matrix, yomwe imapezeka pa mapaketi a mankhwala ndi pa tizipangizo ta zamagetsi. Ngati pali bokosi limodzi lokha la mphetemphete pakatikati, ndi Aztec, yofala pa matikiti a sitima ku Ulaya ndi pa ziphaso zokwerera ndege za pa foni. Ngati ndi yaitali chopingasa, ya timizere tosanjikizana, ndipo kumayambiriro ndi kumapeto kuli mizere yonenepa yoimirira, ndi PDF417, imene ili pa ziphaso zokwerera ndege za papepala ndi pa laisensi yoyendetsera galimoto ya ku South Africa.

Zimene kukula kwa khodi kumaulula

Makhodi a QR ali ndi masaizi 40. Yaing'ono kwambiri ili ndi timabokosi 21 m'litali ndi 21 m'lifupi, ndipo saizi iliyonse yotsatira imaonjezera timabokosi tinayi, mpaka yaikulu kwambiri ya timabokosi 177 mbali iliyonse. Yaikuluyo ingasunge manambala 7,089, kapena zilembo wamba pafupifupi 2,953.

Tiyerekeze kuti pa chithunzi pali khodi yomatidwa pa tebulo m'lesitilanti. Mukakulitsa chithunzicho n'kuwerenga timabokosi ta mbali imodzi, mwapeza 29. Chothandiza powerenga n'chakuti bokosi la pakona lililonse ndi timabokosi 7 m'lifupi. Chotsani 17 pa 29, zotsalazo mugawe kanayi: yankho ndi 3, ndiye kuti ndi saizi yachitatu. Saizi imeneyi imasunga zilembo wamba zosapitirira 53. Apa mwadziwa kuti mndandanda wonse wa zakudya sungakwanemo. Zomwe zingakwane ndi adiresi ya pa intaneti, nambala ya foni kapena mawu ochepa.

Komabe ngakhale kuchuluka kwa zilembo sikudziwika ndendende. Gawo lina la khodi limasungidwira kukonza zolakwika, kuti iwerengekebe ikakandika kapena ikada. Pali milingo inayi, yotha kubwezeretsa pafupifupi magawo 7, 15, 25 kapena 30 pa 100 alionse. Pa mlingo wapamwamba, saizi yachitatu yomwe ija imasunga zilembo 24 zokha. Kukonza zolakwikaku ndi kumene kumalola makampani kuika chizindikiro chawo pakati pa khodi: amaphimba timabokosi tina mwadala, podziwa kuti makina adzabwezeretsa.

Zimene sizidziwika popanda sikani

Maso sangasiyanitse khodi yotsegula tsamba la pa intaneti ndi yolipirira ndalama, kapena yolumikiza foni ku Wi-Fi. Mwachitsanzo, ya Wi-Fi imasunga mawu olembedwa motere, koma kunja imaoneka ngati ina iliyonse:

```
WIFI:T:WPA;S:dzina;P:chinsinsi;;
```

Chifukwa chake n'chakuti uthenga usanasindikizidwe umasandutsidwa manambala a kompyuta, n'kusakanizidwa ndi zokonzera zolakwika zija. Pamwamba pake amasanjikapo imodzi mwa mapatani asanu ndi atatu, imene imatembenuza timabokosi tina, takuda kukhala toyera ndi toyera kukhala takuda, kuti pasakhale dera lalikulu la mtundu umodzi losokoneza kamera. Zotsatira zake n'zakuti makhodi awiri ooneka mosiyana angakhale ndi uthenga umodzi, ndipo awiri ooneka ofanana poyang'ana msanga angapite kosiyana. Katswiri woleza mtima angathe kumasulira khodi yaing'ono ndi manja, kabokosi ndi kabokosi, koma kumeneko n'kuchita ntchito ya sikani yomweyo, osati kuzindikira ndi maso.

Mawu olembedwa pambali pa khodi, komanso chizindikiro cha kampani chili pakati pake, si umboni wa zimene zili m'kati. Aliyense angapange khodi kwaulere n'kuikapo chizindikiro cha banki. Kumayambiriro kwa 2022, akuluakulu a mzinda wa Austin ku Texas anapeza timapepala ta makhodi abodza titamatidwa pa makina olipirira poimika galimoto, totumiza anthu ku tsamba lakuba. Chimene chithunzi chingaonetse pa nkhani yotere ndi kunja kokha: kapepala komatidwa pamwamba pa kanzake, m'mphepete mosendeka, kapena mtundu wa pepala wosiyana ndi chikwangwani chonse.

Ngakhale sikani siulula zonse. Makhodi ambiri amasunga adiresi yaifupi imene imangopatsira foni ku tsamba lina, ndipo mwini wake angasinthe kopitako tsiku lililonse osasintha khodi yosindikizidwayo. Sikani siuzanso ngati tikiti inagwiritsidwa kale ntchito, chifukwa zimenezo zimasungidwa mu kompyuta ya amene anaigulitsa.

Chithunzi chimene chingawerengedwe

Chithunzi chooneka bwino chingapangidwe sikani ngati pepala lenileni, ndipo mafoni ambiri amawerenga khodi ili pa chithunzi chosungidwa. Zimakanika ngati limodzi mwa mabokosi a m'makona ladulidwa, ngati kuwala kwaphimba dera lalikulu, kapena ngati timabokosi tasakanikirana chifukwa chithunzi chinachepetsedwa potumizirana. Khodi ya QR imafunanso malire oyera a timabokosi tinayi kuzungulira konse.

Izi zikutanthauza kuti woika chithunzi cha chiphaso chokwerera ndege poyera wapereka zambiri kuposa zimene akuona: m'khodi yake muli dzina la wokwera, nambala ya ulendo ndi nambala imene anasungitsira mpando. Kuphimba pang'ono pakati sikukwanira, chifukwa makina amabwezeretsa zophimbidwazo. Khodi ya pa tikiti kapena chiphaso iyenera kuphimbidwa yonse chithunzi chisanatumizidwe, ndipo khodi yosadziwika ikapangidwa sikani, adiresi imene foni yaonetsa iyenera kuwerengedwa kaye isanatsegulidwe.