Mphako Itachoka m'Gitala, Oimba Anayamba Kulamula Phokoso

Anthu ambiri amati gitala yamagetsi yathabwa inapangidwa kuti izimveka mokweza. Ine ndikuona kuti nkhani yake ndi ina. Magetsi anali atalowa kale m'gitala. Chimene thabwa linabweretsa ndi mphamvu yoti woimba akweze mawu popanda gitala kumupandukira.

Gitala yakale ili ndi bokosi lamphako. Ukakhwacha nsambo, mphamvu yake imalowa m'thabwa lopyapyala lapamwamba, thabwalo limanjenjemera n'kukankha mpweya, ndipo mawu amamveka. Koma m'magulu akuluakulu a jazi a ku America a m'ma 1930, mawu amenewa ankamira pakati pa malipenga ndi ng'oma. Mu 1936 kampani ya Gibson inatulutsa ES-150, gitala yamphako yokhala ndi maginito okulungidwa ndi waya pansi pa nsambo. Maginitowo amatola kunjenjemera kwa nsambo n'kukutumiza ku chokuzira mawu. Charlie Christian, yemwe analowa gulu la Benny Goodman mu 1939, anasonyeza kuti gitala yotere ingathe kutsogolera nyimbo ngati lipenga.

Vuto linabwera pokweza kwambiri. Bokosi limene limatulutsa mawu limathanso kuwalandira. Mawu ochokera m'sipika amagunda thabwa lopyapyala lija, thabwa limagwedeza nsambo, maginito amatola kugwedezekako n'kukubwezera ku sipika, ndipo zimangozungulira choncho mpaka kukhala kulira kogonthetsa m'khutu. Kumayamba ngati kung'ung'udza pa noti imodzi, ndipo ngakhale ugwire nsambo ndi dzanja nthawi zina sikuleka, poti chikunjenjemera ndi bokosi. B.B. King ankachita kutseka mabowo a gitala yake ndi nsalu pofuna kuchepetsa kulirako.

Les Paul anaona kuti bokosilo linalibenso ntchito. Cha m'ma 1940 anatenga chipika cha paini cha mainchesi 4 m'lifupi ndi 4 kuchindikala, n'kumangirirapo khosi la gitala, nsambo ndi maginito. Anachitcha The Log. Omvera sanachikonde maonekedwe, choncho anadula pakati bokosi la gitala ya Epiphone n'kumata zidutswa ziwirizo m'mbali kuti chizioneka ngati gitala. A Gibson anachikana. Amene anaika magitala otere pamsika mochuluka anali Leo Fender wa ku California mu 1950, ndi gitala imene mu 1951 inapatsidwa dzina loti Telecaster. A Gibson anasintha maganizo n'kutulutsa gitala ya dzina la Les Paul mu 1952, ndipo Stratocaster ya Fender inatsatira mu 1954.

Thabwa linathetsa mavuto awiri nthawi imodzi. Poti n'lolemera komanso lolimba, mawu a sipika saligwedeza msanga, choncho woimba angathe kukweza kwambiri kulira kuja kusanayambe. Komanso silibera nsambo mphamvu. Pa gitala yamphako noti imatuluka ndi mphamvu koma imafa msanga, chifukwa mphamvu yake yathera pokankha mpweya. Pa yathabwa mphamvuyo imatsala m'nsambo ndipo noti imakhalitsa. N'chifukwa chake gitala yathabwa ukaiimba osailumikiza imamveka motsika kwambiri. Noti yokhalitsa imapatsa woimba nthawi yoikoka ndi chala, kuikweza ndi kuinjenjemeretsa ngati mawu a munthu.

Apa ndi pamene mbiriyi imandisangalatsa. Kulira kumene kunali mdani kunasanduka chida. Pa gitala yathabwa kumalowera makamaka m'nsambo, ndipo nsambo zili m'manja mwa woimba. Jimi Hendrix ankayandikira masipika a Marshall ndi Stratocaster yake kuti noti isafe, ndipo akatembenuka kapena kugwira nsambo, kulirako kunkasintha kapena kuleka. Umu ndi mmene anaimbira ku Woodstock mu 1969.

Pankhani ya kachitidwe ka pansanja, tisapatse thabwa ulemu wonse. T-Bone Walker ankaimba gitala yamphako ataiika kumbuyo kwa mutu, ndipo Chuck Berry ankayenda mobwatama ngati bakha atanyamula ya Gibson yamphako. Masewerawo analipo kale. Chimene chinasintha n'chakuti maonekedwe a gitala sanadalirenso mawu. Thabwa likhoza kukhala lopyapyala, kusemedwa kuti ligwirane ndi nthiti ngati la Stratocaster, kapena kudulidwa ngati muvi monga Flying V ya mu 1958.

Gitala yamphako sinafe. Oimba jazi amaikondabe chifukwa cha mawu ake ofunda, omwe amazimirira msanga n'kusiya malo a noti yotsatira. Mu 1958 a Gibson anapanga ES-335, yokhala ndi chipika pakati ndi mphako m'mbali. Mukaiyang'ana bwino, kamangidwe kake n'kofanana ndi ka The Log, chipika chija anachikana poyamba.