Gitala yolankhula: nkhani ya wawa ndi tokubokosi

Anzanga, mukamvera nyimbo za m'ma 1970, kaya za ku America kaya za anzathu a ku Zambia, pali malo ena pomwe woimba amakhala chete n'kusiyira gitala. Ndiye gitalayo siilira ngati nsambo wamba ayi, imachita ngati ili ndi kamwa: uwaa, uwaa, ngati khanda lofuna bere. Penanso imatchula mawu enieni moti mumadabwa kuti akulankhulayo ndani. Zimenezi zinkachitika ndi tizipangizo tiwiri. Koyamba ndi pedulo yopondedwa ndi phazi yotchedwa wawa (osati wawa wa moni uja, dzinali langotengera kulira kwake). Kachiwiri ndi tokubokosi, kabokosi kokhala ndi paipi yolowa m'kamwa. Tonse tiwiri timafuna chinthu chimodzi, kupatsa gitala kamwa ya munthu, koma njira zake n'zosiyana kwambiri.

Tiyambe ndi kamwa yomweyo. Tchulani "u" osakweza kapena kutsitsa liwu, kenako tsegulani milomo pang'onopang'ono mpaka mufike pa "a". Liwu lochokera kukhosi silinasinthe, chasintha ndi mpata wa m'kamwa basi. Nsambo ya gitala nayo siitulutsa liwu limodzi lokha. Mukaliza noti ya A yomwe imanjenjemera ka 220 pa sekondi, yomwe amalemba 220 Hz, pamwamba pake pamakhala timawu tina ting'onoting'ono: 440, 660, 880, kukwera choncho mpaka kudutsa 2,000. Khutu limamva zonsezi ngati liwu limodzi. Chomwe wawa imachita n'kusankha kachigawo kochepa ka timawuti, n'kukakweza, kwinako n'kuchepetsa. Mukatsitsa chidendene, pedulo imakweza timawu ta cha m'ma 400 kapena 500 Hz, gitala n'kumveka yotsekeka ngati "u". Mukaponda ndi zala, imakweza ta cha m'ma 2,000 Hz, gitala n'kutseguka ngati "a" wakuthwa. Noti ija ikadali A yemweyo. Phazi langosuntha malo amene akukwezedwa.

Chodabwitsa n'chakuti palibe amene anakhala pansi n'cholinga chopanga zimenezi. Mu 1966 kampani ya Thomas Organ ku California inkapanga maampulifaya a Vox, ndipo inauza injiniya wachinyamata, Brad Plunkett, kuti achotse switchi yodula yosinthira mawu apakati n'kuikapo kachopokosa kotchipa, ngati ka voliyumu ya wailesi. Atayesa kupokosa wina akuliza gitala, anthu m'chipindamo anamva uwaa uja. Popeza woimba gitala manja ake onse amakhala pa ntchito, anatenga pedulo ya voliyumu ya ogani n'kulowetsamo kachipangizoko. Mabwana ankaganiza kuti ogula adzakhala oimba malipenga, moti mapedulo oyamba a mu 1967 anawalemba dzina la Clyde McCoy, woimba lipenga amene ankatulutsa mawu ofanana nawo potseka ndi kutsegula kukamwa kwa lipenga lake. Oimba malipenga sanaithamangire. Anailanda ndi a magitala: Eric Clapton mu "Tales of Brave Ulysses" ya 1967, ndi Jimi Hendrix mu "Voodoo Child (Slight Return)" ya 1968. Dzina lomwe linakhala mpaka lero ndi Cry Baby, kutanthauza mwana wolirayo.

Nanga n'chifukwa chiyani zaka za m'ma 1970 ndizo zinakhala zake? Pa nthawiyo solo inali itatalika. Kale woimba gitala ankapatsidwa masekondi ochepa pakati pa mavesi, koma tsopano ankatha kutenga mphindi zisanu, ngakhale khumi. "Maggot Brain" ya Funkadelic ya 1971 ndi Eddie Hazel yekha pa gitala pafupifupi mphindi khumi. Solo yaitali choncho imatopetsa ngati mawu ake ali amodzimodzi, ndipo wawa inapereka njira yosinthira mtundu wa liwu pakati pa noti imodzi, ngati mmene woimba amapindira mawu. Panalinso pedulo ina yotchedwa fazi, yomwe imaphwanya liwu la gitala kuti likhale lamanzenene. Fazi imachulukitsa timawu tapamwamba tija, ndiye wawa imapeza zambiri zoti isankhepo. Gitala yoyera pa wawa imangoti kwaku kwaku, koma ya fazi imachita kukuwa.

A fanki anaigwiritsa mwina. Mu "Theme from Shaft" ya Isaac Hayes, ya 1971, Charles Pitts agwira nsambo ndi dzanja lamanzere kuti zisalire bwino, dzanja lamanja likukwapula mofulumira, phazi likuyenda. Zotuluka zake ndi waka-waka uja amene mumamumva m'mafilimu akale apolisi akamathamangitsa mbava. Apa gitala yasanduka chisekese.

Kuno kwathu, amene anailandira ndi manja awiri ndi a ku Zambia. Ndalama za kopa zinkayenda, achinyamata a ku Kitwe, Ndola ndi Lusaka ankamvera zimbale za Hendrix, Deep Purple ndi James Brown, ndipo chapakati pa zakazo Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse pa wailesi zikhale za m'dzikomo. Wailesi inafuna nyimbo zambiri, ndipo mabandi a roko analipo kale. Nyimbozi timazitcha Zamrock, ndipo chizindikiro chake ndi fazi ndi wawa. Mverani chimbale cha Lazy Bones!! cha gulu la WITCH, lotsogoleredwa ndi Jagari Chanda, cha 1975, komanso Africa cha Amanaz cha chaka chomwecho. Koma kwa ine mfumu yake ndi Paul Ngozi, dzina lake lenileni Paul Nyirongo, amene ankatha kuliza gitala ndi mano monga Hendrix, ndipo nyimbo zake zambiri ankaimba m'Chinyanja cha ku Lusaka chomwe inu ndi ine timamva popanda womasulira. Day of Judgement cha 1976 ndi 45,000 Volts cha 1977 ndi zimbale za Ngozi Family zomwe gitala yake imachita kupsa. Ku Malawi zinthu zinali zina. Wailesi inali MBC yokha, ndipo mnyamata wa tsitsi lalitali nthawi ya Kamuzu ankametedwa asanafike n'komwe pa siteji.

Wawa ili ndi malire ake. Imakweza malo amodzi okha, pamene kamwa ya munthu imakweza malo awiri kapena kuposa nthawi imodzi, ndipo kusiyana kwa a, e, i, o ndi u kumachokera pamenepo. N'chifukwa chake pedulo singatchule "e" kapena "i" womveka bwino, imangozungulira pa u ndi a. Tokubokosi inathetsa vutoli mosavuta: m'malo motsanzira kamwa, inabwereka kamwa yeniyeniyo.

Imagwira ntchito motere. Gitala ilowa mu ampulifaya monga mwa nthawi zonse, koma mawu sapita ku sipika yaikulu. Apita ku kasipika kotsekeredwa m'bokosi, kofanana ndi kamene kamakhala kumbuyo kwa chimkuzamawu. Pakamwa pa kasipikako pali paipi yapulasitiki yomwe amaimangirira ku mwendo wa maikolofoni, nsonga yake n'kulowa m'mbali mwa kamwa ya woimba. Mawu a gitala akwera m'paipi, adzaza m'kamwa, woimbayo n'kumayendetsa milomo ndi lilime ngati akulankhula koma osatulutsa liwu lake. Zotuluka m'kamwamo zigwidwa ndi maikolofoni. Mungayese pompano: lizani nyimbo pa foni, ikani sipika yake pafupi ndi kamwa yotsegula, n'kumapanga u, a, i mwakachetechete. Agogo athu anazidziwa kalekale zimenezi. Nkangala, uta wa bango womwe amayi ndi atsikana ankaimba m'midzi ya kuno kumwera, umagwiridwa pamilomo, ndipo nyimbo yake imatuluka posintha mpata wa m'kamwa pamene nsambo ili imodzi yokha.

Pete Drake wa ku Nashville ankalankhulitsa kale gitala yake mwanjirayi mu 1964. Koma kabokosi kake sikakanapirira mphamvu ya maampulifaya a pa siteji ya roko. Bob Heil ndiye anapanga kolimba mu 1973, ka Joe Walsh, amene nyimbo yake "Rocky Mountain Way" ya chaka chomwecho ili ndi solo ya tokubokosi. Peter Frampton anaona Drake akuchita zimenezi mu 1970 pojambula chimbale cha George Harrison, ndipo mu 1974 Heil anamupatsa kabokosi kake ngati mphatso ya Khirisimasi. Chimbale cha Frampton Comes Alive! chinatuluka mu Januwale 1976, chojambulidwa pamaso pa anthu, ndipo apa ndi pomwe muyenera kutchera khutu. "Do You Feel Like We Do" imatenga pafupifupi mphindi 14. Chapakati pake gulu lonse litsika pansi, ng'oma ndi besi zikungogunda pang'onopang'ono. Kutsikako si kukongoletsa chabe: maikolofoni yomwe ikudikira mawu a m'kamwa imagwiranso phokoso lonse la pa siteji. Kenako Frampton ayamba ndi manoti opanda mawu, pang'ono pang'ono gitala n'kuyamba kufunsa anthu funso, khamu n'kuyankha ndi mfuu. Wawa inkamveka kokha, koma tokubokosi inkaonekanso, munthu ali ndi paipi m'kamwa gitala ikulankhula. Ine ndimaona kuti theka la kutchuka kwake linali la maso.

Kusiyana kwa tizipangizo tiwiriti kumaonekanso pa katundu wofunika. Wawa imafuna batire ya mavoti 9 ndi mawaya awiri, basi, mutha kuilowetsa m'chikwama n'kukwera nayo minibasi ya ku Bangwe. Ikayamba kukalamba mudzamva kukhwekhwereza mukamaponda, ndiye kuti kachopokosa kam'kati kadzaza fumbi kapena katha. Mukasiya waya wa gitala uli wolowetsa usiku wonse, batire imatha. Vuto lalikulu komabe ndi phazi la wophunzira, lomwe limangoponda motsatira ng'oma ngati akupopa mpira, noti iliyonse n'kumalira mofanana. Akatswiri amatsegula pedulo pamene akukoka nsambo m'mwamba, ndipo ena monga Mick Ronson ankangoisiya pakati osaigwedeza, kuti gitala imveke ya m'mphuno n'kuboola phokoso la gulu lonse. Tokubokosi ya nthawi imeneyo inkafuna ampulifaya yamphamvu, maikolofoni ndi masipika ena otulutsira mawu, ndipo inkangothandiza pa nyimbo imodzi kapena ziwiri pa usiku wonse. Kwa bandi yogwiritsa zida za mwini bala, kusankha sikunali kovuta.

Ngati m'kalabu muno muli amene akuganiza kale zofunafuna kasipika ka chimkuzamawu chakale mumsika wa Ndirande ndi paipi yatsopano yoyera, zimatheka, koma dziwani zinthu zitatu. Kasipika kotero kanapangidwira mawu apakati ndi apamwamba, choncho tsitsani besi pa ampulifaya, apo ayi kadzapsa musanamalize vesi. Musayatse ampulifaya ya mavavu popanda sipika kapena kasipikako kulumikizidwa, chifukwa thiransifoma yake imapsa. Ndipo yambani ndi voliyumu yotsika kwambiri, pakuti phokosolo likulowa m'mutu mwanu kudzera m'mano. Paipinso muziitsuka mukamaliza, ndipo musamabwerekane.