Kusiyanitsa njerewere ndi zikundu za m'manja ndi kuphazi

Anthu a m'dera la Mfumu Yaikulu Njombwa, m'boma la Kasungu, akudziwitsidwa kuti khungu lolimba la m'manja ndi kuphazi limakhala la mitundu itatu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi chithandizo chake. Poti alimi a fodya amagwira mpini wa khasu tsiku lonse, ambiri amaona chotupa chilichonse cholimba ngati chobwera ndi ntchito, n'kuchicheka ndi lezala. Chikakhala njerewere, kucheka kumangoifalitsa.

Chiyambi cha mtundu uliwonse

Njerewere imayamba ndi kachilombo ka HPV, kamene kamalowa pamene khungu lakalika kapena lang'aluka. Imapatsirana pokhudzana komanso pobwerekana lezala kapena mwala wotsukira mapazi. M'manja imatukuka ndipo imakhala yokhakhala, koma kuphazi imaphwatalala chifukwa chopondedwa.

Chikundu sichipatsirana, chifukwa ndi khungu chabe limene lakhuthala pokhuzika nthawi yaitali. Chikundu chotambalala chimapezeka m'chikhatho m'munsi mwa zala, kuchidendene ndi kutsogolo kwa phazi. Chilibe malire enieni ndipo nthawi zambiri sichipweteka. Chikundu chosongoka n'chaching'ono, chozungulira, ndipo pakati pake pali kanjere kolimba koloza m'kati ngati munga. Chimamera pamene fupa likukanikizana ndi nsapato yothina kapena jombo, makamaka pa zala zakuphazi.

Njira zitatu zosiyanitsira

Munthu ayambe waviika dzanja kapena phazi m'madzi ofunda kwa mphindi 10, kenako aliyang'ane pamalo owala.

Choyamba, aone timizere ta khungu, tofanana ndi timene timaoneka pa chidindo cha chala. Pa chikundu timizereti timadutsa pamwamba osaduka. Pa njerewere timaduka n'kulambalala m'mbali mwa chotupacho.

Chachiwiri, aone ngati pali timadontho takuda. Njerewere imakhala nato, ndipo ndi timitsempha ta magazi timene tatsekeka, n'chifukwa chake ikapalidwa imatuluka magazi. Chikundu chosongoka chilibe timadontho, chili ndi kanjere kamodzi kotuwa.

Chachitatu, ayese ululu. Njerewere imapweteka kwambiri ikatsinidwa m'mbali, pamene chikundu chosongoka chimalasa chikakanikizidwa pamwamba.

Chitsanzo

Mlimi wina ali ndi malo anayi olimba m'chikhatho, ondandalikana m'munsi mwa zala, komanso chotupa kuphazi chimene akuchimva ngati waponda kamwala. Malo a m'chikhatho ali pamene mpini umakhuza, timizere tikudutsa bwinobwino, ndipo sakupweteka. Izi ndi zikundu zotambalala, zimene zimachepa ntchito ya khasu ikatha. Chotupa cha kuphazi chili pakati pa phazi, pamene sipakhuzika ndi jombo. Timizere taduka, pali timadontho takuda, ndipo chikupweteka chikatsinidwa. Iyi ndi njerewere. Mlimiyu akaipala ndi lezala limene amawengera zikhadabo, kachilomboka kakhoza kufika ku zala ndiponso kwa ana amene amabwereka lezalalo.

Thekenya nalonso limakhala ndi dontho lakuda, koma dontholo limakhala limodzi, pakati pa chotupa choyera chimene chimayabwa ndi kukula m'masiku ochepa. Njerewere imakula pang'onopang'ono kwa miyezi.

Chithandizo

Chikundu chimatha chimene chikuchikhuza chikachotsedwa. Mpini usalazidwe kapena ukulungidwe ndi nsalu, nsapato ikhale yosathina, ndipo khungu likafewa m'madzi likhulidwe pang'ono ndi mwala n'kudzolapo mafuta.

Njerewere zambiri, makamaka mwa ana, zimatha zokha pasanathe zaka ziwiri. Ikamapweteka, achipatala amapereka mankhwala opaka a asidi wa salisiliki. Mankhwalawa amapakidwa pa njerewere pokha tsiku ndi tsiku, ndipo angatenge masabata 12 kuti agwire ntchito. Kuotcha njerewere ndi moto kapena ndi madzi a m'batire kumasiya bala losachedwa kulowa matenda.

Oyenera kupita kuchipatala

Odwala matenda a shuga, ndiponso amene mapazi awo amachita dzanzi, asacheke kapena kupaka asidi pa chotupa chilichonse, chifukwa bala laling'ono likhoza kusanduka chilonda chosapola. Njerewere zikachuluka kapena kubwerera mobwerezabwereza, munthu akayezetse HIV, poti zimafala chitetezo cha m'thupi chikatsika. Banga lakuda la kuphazi limene likukula, kusintha mtundu kapena kutuluka magazi lokha lionetsedwe kuchipatala msanga, chifukwa khansa ina ya pakhungu imayamba motero. Alangizi a zaumoyo a m'midzi angathe kulozera wodwala ku chipatala chapafupi, ndipo chotupa chokayikitsa chimatumizidwa ku chipatala chachikulu cha boma la Kasungu.