Maminitsi a Msonkhano Ngati Umboni Pamaso pa Khothi ndi Ounika Mabuku a Zachuma

Unduna ukudziwitsa alimi, ochita malonda ndi anthu onse, makamaka omwe ali m'makopaletivi ndi m'makomiti a chitukuko ku Mwaya ndi madera ena a boma la Nkhata Bay, za momwe makhothi ndi ounika mabuku a zachuma amaonera maminitsi pofuna kudziwa chimene gulu linagwirizana komanso amene linamupatsa mphamvu yochita chinthucho.

Maminitsi omwe awerengedwa pa msonkhano wotsatira, mamembala n'kuwavomereza, wapampando n'kuwasainira, khothi limayamba ndi kuwakhulupirira. Limatenga kuti msonkhano unachitikadi ndipo zolembedwazo ndi zimene zinamangidwa, kufikira wina atabweretsa umboni wotsutsa. Choncho amene akunena kuti zolembedwazo n'zabodza ndiye ali ndi ntchito yotsimikizira khothi. Komabe maminitsi sakhala mawu omaliza. Woweruza angathe kumva mboni zimene zinalipo, kuona kaundula wa obwera pa msonkhano, ngakhale kuitanitsa kope lomwe mlembi ankalembamo tsikulo.

Chitsanzo chongoyerekeza chingathandize. Kopaletivi ya alimi a chinangwa ku Mwaya ili ndi komiti ya anthu 10, ndipo malamulo ake amati msonkhano umayamba pakakhala anthu osachepera 6, komanso kugula chinthu choposa K1,000,000 kumafuna chilolezo cha komiti. Komiti ikumana n'kukambirana zogula chigayo. Patapita milungu itatu, wapampando ndi msungichuma alipira K4,500,000 kwa wamalonda wa ku Mzuzu. Pakutha pa chaka mamembala ena adandaula kuti ndalama yotereyi sanaivomereze.

Wounika mabuku amayambira pa ndalama n'kumabwerera m'mbuyo. Amaona sitetimenti ya ku banki, kenako vawucha, risiti ndi makotesheni, ndipo pomaliza amafunsa chilolezo. Apa m'pamene buku la maminitsi limatsegulidwa, ndipo mawu enieni omwe mlembi analemba ndiwo amagamula zambiri.

Ngati analemba kuti "mamembala anakambirana za kufunika kogula chigayo", palibe chilolezo chomwe chaperekedwa. Kukambirana si kumanga mfundo, ndipo K4,500,000 yonse ilembedwa ngati ndalama yotuluka popanda chilolezo, ngakhale chigayocho chilipo ndipo chikugaya. Ngati analemba kuti "komiti inagwirizana kugula chigayo pa mtengo wosaposa K3,000,000", chilolezo chilipo koma chili ndi malire, ndipo atsogoleri awiriwo ayenera kuyankhapo za K1,500,000 yapamwambayo. Koma ngati maminitsi akutchula chigayocho, mtengo wa K4,500,000, wogulitsa amene anasankhidwa pa makotesheni omwe anaonetsedwa, ndi anthu awiri osainira, wounika amangotsimikizira kuti ndalama inapitadi kumeneko, nkhani n'kutha.

Chachiwiri chimene amaona ndi chiwerengero cha omwe analipo. Ngati kaundula akuonetsa anthu 5 okha, mfundoyo ilibe mphamvu ngakhale italembedwa mwaluso. Amaonanso madeti. Chilolezo chiyenera kubwera ndalama isanatuluke, ndiye maminitsi a pa 20 Juni sangakhale chilolezo cha cheke chomwe chinatapidwa pa 12 Juni. Njira yokonzera cholakwa chotere ilipo: nkhani imabwera pa msonkhano wokwanira bwino, atsogoleri amafotokoza zomwe anachita, ndipo ngati mamembala akhutira amavomereza poyera, maminitsi n'kunena kuti akuvomereza zomwe zinachitika kale, pa deti lenileni la msonkhanowo. Izi zimatheka pa zinthu zokhazo zomwe gulu linali ndi mphamvu yozivomereza pachiyambi, ndipo sizifafaniza mlandu wa kuba.

Njira yoipa, yomwe mwatsoka imakopa ambiri akamva kuti ounika akubwera, ndi yolemba maminitsi a msonkhano womwe sunachitike n'kuikapo deti lakale. Umenewu ndi mlandu wopeka zikalata pa malamulo a dziko lino, ndipo umagwera mlembi ndi aliyense wosainira akudziwa. Kawirikawiri sizivuta kuzindikira. Tsamba limakhala lomatidwa pakati pa ena, mzere umodzi umapanikizidwa m'munsi ndi cholembera china, maminitsi a msonkhano wotsatira satchulako nkhani yaikulu chotero, kapena mwa "obwera" mumapezeka munthu yemwe tsikulo anali atagonekedwa m'chipatala. Kufufuta ndi tipeksi nakonso kumachotsa chikhulupiriro. Amalawi akukumbukira kuti pa 3 Febuluwale 2020 khothi linathetsa zotsatira za chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha mu 2019, ndipo zina mwa zomwe linatchula ndi mapepala a zotsatira ofufutidwa motero. Polakwika pamadulidwa ndi mzere umodzi kuti mawu akale aziwerengekabe, ndipo wapampando amasaina pambali.

Nanga wamalonda wa ku Mzuzu uja, angalamulidwe kubweza ndalama chifukwa komiti sinalembe bwino? Pa makampani, makhothi otsata malamulo ochokera ku Mangalande amagwiritsa ntchito mfundo ya mlandu wa mu 1856 wa pakati pa Royal British Bank ndi Turquand. Kampani ina inakongola mapaundi 2,000 ku bankiyo. Malamulo a kampaniyo ankalola atsogoleri kukongola ndalama molingana ndi chilolezo cha msonkhano wa eni masheya, koma mfundo yomwe inamangidwa sinatchule kuchuluka kwa ndalama. Khothi linagamula kuti ngongoleyo iyenera kubwezedwa, poti munthu wakunja wochita zinthu mokhulupirika ali ndi ufulu woganiza kuti za m'kati mwa kampani zinayenda bwino. Chitetezochi sichifika kwa amene ankadziwa kuti chilolezo palibe, kapena amene anaona zokayikitsa n'kusafunsa. Wogulitsa katundu wa ndalama zambiri amachita bwino kupempha kope la mfundoyo losainidwa asanapereke katundu.

Pa ndalama za boma zinthu n'zokhwimirapo. Mkulu wounika chuma cha boma, yemwe udindo wake uli mu gawo 184 la malamulo aakulu a dziko ndipo amagwira ntchito motsata lamulo la mu 2003 la kaunikidwe ka chuma cha boma, ali ndi mphamvu yoitanitsa mabuku ndi zikalata za maunduna ndi makhonsolo, kuphatikizapo khonsolo ya Nkhata Bay. Pogula katundu, nthambi ya boma imadutsa ku komiti yake yoona zogula, ndipo maminitsi a komitiyo ndiwo amasonyeza omwe anapikisana ndi chifukwa chomwe mmodzi anasankhidwira. Akasowa, nkhaniyo ingathe kulowa mu lipoti lopita ku Nyumba ya Malamulo, komwe komiti yoona za chuma cha boma imaitana akuluakulu kuti adzayankhe.

Wounika sagamula mlandu. Amangolemba zimene wapeza ndi zimene zasowa. Nkhani ikafika ku khothi, kaya la majisitireti kapena Khothi Lalikulu ku Mzuzu, muyeso umatengera mtundu wa mlandu. Pofuna kuti munthu abweze ndalama, n'kokwanira kusonyeza kuti mbali imodzi ndi yokhulupirika kuposa inzake, pomwe pa mlandu wa kuba woweruza ayenera kukhutira popanda chikayiko chomveka. Membala amene anakana mfundo pa msonkhano apemphe mlembi kuti alembe dzina lake ndi kukana kwakeko, ndipo aonetsetse kuti zawerengedwa pa msonkhano wotsatira wapampando asanasaine.