Mowa ndi opaleshoni: chifukwa chimene madokotala amafunsira za kamwedwe ka wodwala

Wodwala aliyense amene akukonzekera opaleshoni pa chipatala cha Embangweni, chimene chili m'manja mwa Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP, kapena pa chipatala cha boma cha Mzimba, angathe kufunsidwa ngati amamwa mowa, mlingo umene amamwa ndiponso tsiku limene anamwa komaliza. Funsoli si lofuna kuweruza munthu. Yankho lake ndilo limatsogolera dokotala posankha mankhwala.

Mowa usanachitike opaleshoni

Wodwala sayenera kumwa mowa kwa maola osachepera 24 opaleshoni isanachitike. Mowa umasokoneza mphamvu ya mankhwala ogonetsa, umachedwetsa kuundana kwa magazi, komanso ungachititse munthu kusanza ali mtulo, masanziwo n'kulowa m'mapapo. N'chifukwa chakenso chakudya chimaletsedwa kwa maola 6, ndipo thobwa limawerengedwa ngati chakudya. Madzi okha ndiwo amaloledwa mpaka kutatsala maola 2, pokhapokha dokotala atalamula mwina.

Amene amamwa tsiku ndi tsiku

Ngozi yaikulu imagwera munthu amene thupi lake linazolowera mowa. Mwachitsanzo, bambo womwa kachasu madzulo alionse amwa komaliza Lamulungu, agonekedwa Lolemba, n'kuuza dokotala kuti amangolawa pa zikondwerero. Lolemba lomwelo manja ayamba kunjenjemera ndipo thukuta lituluka, koma iye abisa poganiza kuti ndi matsire chabe. Opaleshoni ichitika Lachiwiri. Pofika Lachitatu usiku, mtima ukuthamanga, mutu wasokonezeka, akuona zinthu zimene palibe ndipo akuzula diripi. Vutoli limabuka patapita masiku 2 mpaka 4 munthu atasiya mowa mwadzidzidzi, ndipo likhoza kupha.

Bamboyu akananena zoona, dokotala akanatha kumuyambitsa msanga mankhwala a diazepam ndi vitamini B1, kumuyang'anira pafupipafupi, kapena kusuntha tsiku la opaleshoni. Choncho womwa kwambiri asasiye mowa mwadzidzidzi payekha, koma akaonane ndi dokotala nthawi ikadalipo. Kukhala milungu 4 osamwa opaleshoni isanachitike kumachepetsa mavuto ngati kuchedwa kupola kwa bala.

Kuyezetsa magazi

Mowa umasintha zotsatira za shuga, mafuta a m'magazi ndi chiwindi. Wouzidwa kuti abwere asanadye akhale maola osachepera 8 akungomwa madzi, ndipo asamwe mowa dzulo lake. Ngati wamwa, anene asanatengedwe magazi kuti apatsidwe tsiku lina.

Zoyenera kunena

Wodwala atchule mtundu wa mowa, kaya ndi kachasu, masese kapena wa m'botolo, mabotolo kapena makapu angati patsiku, ndiponso ngati ananjenjemerapo kapena kukomoka atausiya. Wa manyazi angapemphe kulankhula ndi dokotala pambali. Pa ngozi yadzidzidzi, wodwala akalephera kulankhula, womudikirira ndiye afotokoze zonsezi mosabisa.